Kutsanzika kwa agogo amene ndi mfumu ya m'mudzi

"Ndinakulira ku Ndirande. Mwezi wamawa ndikupita ku Dedza kukaonekera kwa agogo a bwenzi langa, ndipo ndi anyakwawa. Pobwerera ndikatsanzike bwanji kuti ndisakaoneke wamwano?"

Achimwene, cholakwa cha ambiri a m'tauni ndi kudzambatuka, kusansa thalauzi, n'kunena "Basi ine ndapita." Kwa mnzanu palibe vuto. Koma pamenepo mwalengeza zomwe mwagamula kale, pomwe kwa wamkulu munthu amapempha kuti amumasule.

Tsono yambani mudakali pansi. Ngati munabwera ndi amalume kapena munthu wina wokutsogolerani, anong'onezeni iwowo, ndiwo ayankhule. Pabwalo la mfumu mawu amadzera mwa nduna, ndipo ngakhale pakhonde mlendo wachinyamata sayamba yekha nkhani yonyamuka akulu ake ali pomwepo. Mukakhala nokha, dikirani nkhani ithe, muombe m'manja pang'onopang'ono, manja ofumbata osati mwaphokoso ngati muli kumpira, ndiye munene kuti: "Zikomo agogo, tacheza, tadya, takhuta. Dzuwa lapendeka, timati mutilole tione msana wa njira."

Taonani kuti mukunena "ife" ngakhale muli nokha, komanso "timati", osati "ndikufuna". Chifukwa chonyamukira chikhale dzuwa kapena kutalika kwa ulendo. Osanena kuti muli ndi zochita zina, zimamveka ngati kucheza nawo kwakutayitsani nthawi.

Kawirikawiri ayankha kuti "Aa, msanga chotere?" Musadzuke. Khalaniko pang'ono, chifukwa malangizo enieni ndi mauthenga opita kwanu amatuluka nthawi imeneyi, mwinanso agogo aakazi ali m'kati mokumangirani mtedza kapena nkhuku. Akanena kuti "Chabwino, muyende bwino, mukapereke moni kunyumba," yankhani "Zikomo, tikapereka. Mutsale bwino, agogo." Ine ndimakonda "mutsale" kuposa "tsalani". Onse ndi aulemu, koma woyambayo ndi wofewa, samveka ngati lamulo. Ndipo musasokoneze: wochoka ndiye amati "mutsale bwino", wotsala amati "muyende bwino". "Tionana" musungire anzanu, ndipo dzina lawo lenileni lisatuluke pakamwa panu. "Agogo" kapena "mfumu" zakwana.

Mphatso landirani ndi manja awiri mutanjuta, bwenzi lanulo ligwade. Chipewa chibwerere kumutu mutatuluka pabwalo.

Za amayi ake a mtsikanayo funsiranitu. M'mabanja ena a Achewa mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana, moti simuwapatsa dzanja kapena kuwayang'ana m'maso. Mumanjuta chapatali n'kunena "Amayi, ife tikupita, mutsale bwino," kapena mawuwo amakaperekedwa ndi wina. Akakupatsani munthu wokuperekezani musakane. Pomwe iye waima kuti abwerere, mumuthokoze ndi kumuuza kuti "Mukawathokozenso agogo."