Kusiyana kwa kuchotsedwa ntchito mwankhanza ndi kuchotsedwa mosatsata lamulo

“Mwana wanga wamkazi wagwira ntchito yolandira ndalama m’sitolo ina ku Limbe kwa zaka 6. Mwezi watha ndalama zokwana K180,000 zidasowa, ndipo tsiku lotsatira adangomupatsa kalata yomuchotsa ntchito chifukwa cha kusakhulupirika. Sadalakwepo chiyambire. Kodi nkhanza zoterezi khoti lingazilole?”

Mayi, bwalo la Industrial Relations Court, lomwe limaweruza milandu ya apantchito kuno ku Malawi, siliyeza kuwawa kwa zimene zachitika. Munthu akhoza kuchotsedwa ntchito panthawi yoipitsitsa, ana ali pasukulu, ngongole zili pakhosi, koma bwalo n’kupeza kuti bwana sadalakwe. Chimene limayang’ana chili mu gawo 57 la lamulo la Employment Act la chaka cha 2000: payenera kukhala chifukwa chomveka chokhudza khalidwe la wantchito, luso lake kapena zosowa za kampani, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena luso, munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, kuchotsako n’kosatsata chilungamo.

Chimene makolo ambiri sadziwa n’chakuti udindo wotsimikiza chifukwacho uli kwa bwana, osati kwa mwana wanu. Gawo 61 limati wolemba ntchito akalephera kupereka chifukwa, bwalo litenge kuti kuchotsako kudali kosalungama, popanda kukambirananso. Choncho mawu akuti “kusakhulupirika” olembedwa m’kalata ndi chiyambi chabe cha nkhani. Bwalo lidzafuna kudziwa amene adawerenga ndalamazo, nthawi imene adaziwerenga, ndiponso ngati mwana wanu adalipo. Lidzafunsa ngati kabati ya ndalamayo ankaigwira yekha, kapena ngati mnzake ankakhalapo iye akapita kukadya nkhomaliro, ngakhalenso amene ankasunga makiyi usiku. Ngati manja atatu ankalowa m’kabati imodzi popanda kusayinirana posinthana, n’kovuta kuti bwana aonetse chifukwa chimene adalozera chala munthu mmodzi.

Komabe ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Bwana safunika umboni wolemera ngati umene apolisi amafunika pa mlandu wakuba. Zimakwanira kuonetsa kuti zimene akunenazo n’zokhulupirika kuposa zimene wantchito akunena. N’chifukwa chake munthu akhoza kumasulidwa kwa majisitireti koma n’kugonjabe pa mlandu wa ntchito. Ndipo kusakhulupirika pa ndalama kukatsimikizika, lamulo limalola kuchotsa munthu nthawi yomweyo popanda notisi, ngakhale akhale woti sadalakwepo.

Pamene ndikuona kuti mwana wanu ali ndi mphamvu ndi pa kufulumira kwa kalatayo. Kumumva munthu sikutanthauza kumuitanira mu ofesi kalata italembedwa kale. Amayenera kuuzidwa mlandu wake momveka, kupatsidwa nthawi yokonzekera, kuona mapepala amene akumunenera, ndi kuyankha pamaso pa anthu amene sadagamule kale mumtima. Mufunseni bwinobwino ngati adalembetsedwa lipoti kapena kukhalitsidwa pansi tsiku limenelo, chifukwa achinyamata ambiri amati “sadandifunse” pamene adasayina kapepala kovomera mwamantha. Ngati adasayina, anene msanga mmene zidakhalira.

Zaka 6 zopanda banga nazonso sizipita pachabe. Gawo 61 lomwelo limafuna kuti bwana aonetse kuti adachita mwachilungamo poganizira zonse, ndipo apa bwalo limayerekeza kukula kwa cholakwa ndi chilango, mbiri ya wantchito, ndi mmene ena olakwa chimodzimodzi adachitiridwa. Zikapezeka kuti kudali kuphonya powerenga osati kuba, chenjezo likadakwanira.

Akapambana, bwalo likhoza kulamula kuti abwerere pantchito kapena alipidwe chipukuta misozi. Kwa amene wagwira zaka zopitirira 5 koma zosapitirira 10, chipukuta misozicho sichichepera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Tiyerekeze kuti ankalandira K200,000 pamwezi: masabata awiri ndi pafupifupi K100,000, ndipo pa zaka 6 ndi pafupifupi K600,000. Apo ndi poyambira, ndipo pofuna kuwonjezera bwalo limaona zimene wataya komanso ngati iye mwini adathandizira kuti zinthu zifike pamenepo.

Dandaulo likaperekedwe ku ofesi ya zantchito ya m’boma lanu pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene adachotsedwa, ndipo mwezi umodzi wapita kale. Atenge kalata yomuchotsa, kalata yomulembera ntchito ndi mapepala a malipiro, ndiponso alembe lero lomwe mayina a onse amene adagwira kabatiyo tsiku limene ndalama zidasowa, asanayambe kuiwala.