Bwanji mwana wanga amadzuka wolusa?

"Mnyamata wanga wa zaka 15 sagona msanga, ndipo tikamudzutsa m'mawa amalusa, ngakhale moni sayankha. Kodi ndi mwano?"

Mayi, nthawi zambiri si mwano ayi. Mwana akatha msinkhu, thupi lake limasintha nthawi yogonera. Muubongo mumatuluka homoni yotchedwa melatonini, imene imabweretsa tulo kukada. Kwa achinyamata imachedwa kutuluka ndi ola limodzi kapena awiri, ndiye mukamuthamangitsira kuchipinda 8 koloko amangogona chagada n'kumayang'ana kudenga. Tulo timamupeza cha m'ma 11.

Tsono tawerengani. Pa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Akagona 11 koloko, inu n'kumudzutsa 5 koloko kuti asese pabwalo asanapite kusukulu, wagona maola 6 okha. Pofika Lachisanu ali ndi ngongole ya maola 10. Komanso pa 5 kolokopo melatonini ija imakhala isanathe, kwa iye kukadali pakati pa usiku. Inunso atakudzutsani 3 koloko n'kuyamba kukufunsani za ndowa, mungayankhe mwaulemu?

Musayambe naye nkhani akangodzuka, dikirani mphindi 30, atuluke kaye padzuwa. Foni ichoke m'manja kutatsala ola limodzi kuti agone, chifukwa kuwala ndi macheza zimathamangitsa tulo. Loweruka asapitirire kwambiri kugona, apo ayi Lolemba zimavutiratu.

Koma ngati kukhumudwako kukufika mpaka madzulo, kwa milungu iwiri, wasiya kudya bwino ndi kucheza ndi anzake, pitani naye kuchipatala.