Ndimuuze bwanji kuti amayi amwalira?

Adokotala, mng'ono wanga wa zaka 32 amachedwa kumvetsa zinthu chibadwire. Amayi amwalira dzana ndi sitiroko kuno ku Joni, ndipo thupi linyamuka Lachisanu kupita ku Ntcheu. Azakhali anamuuza kuti "apita kumudzi", ndiye akungofunsa tsiku lobwerera. Ndimuuze bwanji? Ndine wa ku Rosettenville.

Pepani ndi zovutazi, bambo. Muuzeni lero lomwe, inuyo mwini, musanayambe zolongedza.

Azakhali ananena mwachifundo, koma kwa iye wopita kumudzi amakwera basi ku Park Station, n'kubwerako ndi ufa ndi usipa. Adzadikira pageti miyezi. Mawu athu aulemu aja, "atisiya", "atsogola", "agona", amawamva momwe alili. "Agona" ndiye loopsa: ena amayamba kukana kugona, kuopa kuti nawo sadzuka.

Khalani awiri m'chipinda chimene wachizolowera, wailesi yozimitsa, chithunzi cha amayi chili m'manja. Nenani chiganizo chimodzi, mukhale chete n'kuwerenga mpaka 10 chamumtima, kenako china:

"Ndili ndi nkhani yachisoni. Amayi amwalira. Mtima wawo wasiya kugunda. Sakupuma, sakudya, sakumva kupweteka. Sadzabweranso."

Limenelo lomalizalo ndi lowawa kulitchula, koma musalidumphe. Ngati anaonapo nkhuku kapena galu atafa, mukumbutseni kuti sanadzukenso.

Pa chifukwa chake, musangoti "anadwala", chifukwa tsiku limene inu mudzagwidwe ndi chimfine adzaganiza kuti mukufa. Nenani kuti mtsempha wa magazi m'mutu mwawo unawonongeka kwambiri, madokotala analephera kuukonza. Onjezani kuti si iye wachititsa, ngakhale asanafunse. Za kumwamba muuzeni monga mwa chikhulupiriro chanu, koma atamva kaye za thupi. Kupanda apo adzafunsa basi yopita kumeneko.

Mukatha musafunse kuti "wamva?", adzangovomera. Funsani kuti, "Amayi abwera Lamlungu?" Akati eya, bwerezani mawu omwewo osasintha. Azakhali ndi anthu a kutchalitchi nawonso anene chimodzimodzi.

Thupi akafuna kuliona, aone. Muuziretu kuti amayi akhala m'bokosi, ozizira, osayankha, ndipo anthu azilira. Ulendo wodutsa ku Beitbridge ndi wa masiku, choncho akhoza kuda nkhawa kuti ali ndi njala m'bokosimo. Mukumbutseni kuti thupi lakufa silimva njala. Muuzenso msanga amene azimuphikira ndi kumene azigona, poti kwa iye limenelo ndiye funso lalikulu.

Akamva n'kupempha tiyi, musakhumudwe. Chisoni chake chikhoza kutuluka patapita milungu kapena miyezi, ndipo chimaonekera m'zochita: kukodza pogona, kupsa mtima, kusiya kusamba. Akamakana chakudya masiku awiri, akamadzivulaza, kapena akamaonda, pitani naye kukiliniki ndipo muwauze anamwino za malirowa. Ngati amamwa mankhwala a khunyu, onetsetsani kuti pa chipwirikiti cha ulendowu sakudumphitsa ngakhale tsiku limodzi.