Benchi, shopu kapena pa foni pokha? Yambani mwaganizira za pansi pa belo

"Achemwali, ndasonkhanitsa kampamba ndipo ndikufuna kuyamba geni ya zovala za amayi. Ndipeze benchi mumsika, ndichite lendi shopu, kapena ndizingogulitsa pa WhatsApp ndi Facebook ndili kunyumba? Ndimakhala ku Chilinde."

Kalata yanuyi ndinaiwerenga usiku, tulo sitinabwerenso msanga, chifukwa inandikumbutsa shopu yanga imene ndinatseka itangotha miyezi isanu ndi iwiri. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pake mtima umandiwawa.

Ine ndinayambira pa benchi ku msika wa Lizulu, ku Lilongwe konkuno, ndikugulitsa madiresi a kaunjika. Ndikuuzeni mmene belo limodzi linkayendera nthawi imeneyo. Mitengo inasintha kalekale, koma masamu ake ndi omwewo. Belo la makilogalamu 45 ndinkaligula K300,000, ndipo mkati ndinkapezamo madiresi ngati 140. Ukangodula mawaya umayamba kusankha. Namba wani, aja osathimbirira, a sitayilo yatsopano, ankakhala ngati 30, ndipo lililonse linkapita pa K6,000. Apakati ngati 70 ankayenda pa K2,500. Otsalawo, 40, anali ong'ambika pang'ono, akuluakulu kwambiri kapena achikale, ndipo ndinkawaunjika pansi pa K800. Zonse pamodzi zinkandipatsa K387,000, ndiye kuti phindu la K87,000 ndisanachotse chiphaso cha msika, thiransipoti ndi ndalama yosungitsira katundu usiku.

Taonani bwino apa. Namba wani yense ankangobweza K180,000, osafika n'komwe pa mtengo wa belo. Ndalama yobweza mpamba inkachokera kwa apakati aja, ndipo mulu wa pansi ndiwo unkawonjezera phindu. Amene amagula zimenezi ndi anthu odutsa: mayi wabwera kudzagula tomato, waona diresi, waligwira, walipima pachifuwa, mwanenererana, watenga. Ku msika anthu otere sakutha. Belo linkatha m'masiku khumi, choncho pa mwezi ndinkatsegula atatu.

Koma ndinatopa ndi fumbi. Nyengo ya mvula timangokhalira kuthamanga ndi mapulasitiki, ndipo diresi loyera likangodonthedwa ndi matope mtengo wake watsika. Panalinso mantha a moto, poti misika yathu yambiri yapsapo anthu n'kutsala manja lende. Kuwonjezera apo abale ankandifunsa kuti kodi ndidzakhala wa pamsika mpaka liti. Mawu amenewo anandilowa kuposa mmene ndinkavomerera.

Ndinapeza kachipinda m'mbali mwa msewu pa K120,000 pa mwezi. Eni nyumba anafuna miyezi itatu pamodzi, K360,000, ndalama yoposa belo lathunthu, ndisanagulitse ngakhale diresi limodzi. Ndinagula penti, mahang'ala, galasi lalikulu ndi maloko, ndinakalipira laisensi ku khonsolo, n'kumasonkha ya mlonda ndi ya magetsi. Mu shopu ndinkatha kukweza mtengo, namba wani n'kufika K7,500, chifukwa munthu ankayesa chovala momasuka kuseri kwa katani. Koma anthu olowa anali ochepa. Munthu wa K800 salowa pakhomo la galasi, amaopa kuti m'modula. Belo limodzi linkatenga mwezi wathunthu. Phindu lake lonse linkangothera lendi ndi mlonda, ndipo zotsalira zinadzaza matumba kuseri mpaka zinayamba kununkha chinyontho. Mwezi wachisanu ndinaona kuti ndikulipira lendi ndi ndalama yogulira belo. Chizindikiro chake n'chimenechi: tsiku lokaoda likafika ndalama yosakwana, chonsecho simunadye kapena kubwereketsa. Ndinalimbikirabe miyezi ina iwiri chifukwa cha manyazi, ndipo miyezi iwiriyo ndiyo inandipweteka kwambiri.

Ndiye ndinene mosapsatira: munthu woyamba kumene asatsegule shopu. Sindikunena kuti aganize kaye, ndikuti asatero. Lendi sadziwa kuti Januwale ndi Febuluwale anthu ali pa fizi ndi feteleza, amangofuna tsiku lake. Chiphaso cha msika mumadula tsiku limene mwayala, ndipo zikavuta mumangonyamula katundu wanu n'kupita naye ku msika wa tsiku kunja kwa tauni.

Palinso nkhani ya kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabelo anakwera chifukwa amachokera kunja, ndipo kumayambiriro kwa 2025 mavenda a kaunjika mpaka anachita zionetsero ku Lilongwe podandaula mitengo ya mabelo. Mitengo ikamakwera chonchi, wochedwa kugulitsa ndiye amavulala. Amamaliza belo patatha mwezi, akabwerera koodako ndalama yake sikukwananso belo lomwelo. Wa pa benchi amene amazunguza mpamba katatu pa mwezi amakweza mitengo yake limodzi ndi msika.

Nanga pa foni pokha?

Apa ndi pamene atsikana ambiri akupusitsika, ndipo zimandimvetsa chisoni. Pa foni palibe lendi, n'zoona, koma pa foni pamagulika namba wani basi. Mu belo langa lija mukanagulitsa 30 abwino aja, mwina ndi apakati 15, mukanapeza K217,500, kuperewera K82,500 kuti mpamba ubwerere, kwinaku madiresi 95 ali m'chipinda chogona. Palibe amene angalipire kabaza kuti amubweretsere diresi la K800. Chovala chilichonse muyenera kuchichapa, kuchisita, kuchijambula pa kuwala kwabwino, kulemba saizi, kenaka kuyankha anthu khumi ofunsa mtengo kuti mmodzi agule. Bandulo nayo imadya. Ena amati musungireni mpaka malipiro, mwezi ukatha foni sakuyankha. Ena chovala chikafika amati chathina, chonsecho wa kabaza mwamulipira kale. Ine ndinaberedwapo ndi uthenga wabodza wooneka ngati ndalama zalowa, ndinatumiza madiresi atatu kwa munthu amene sindinamuonepo. Kuyambira pamenepo sinditulutsa katundu ndisanayang'ane ndekha ndalama yotsala mu Airtel Money kapena Mpamba, ndipo chithunzi cha uthenga sindichiwerengera.

Kugulitsa pa foni pokha kumayenda ngati simukugula belo. Mumalawirira ku msika nthawi imene anzanu akutsegula mabelo, n'kupikula zabwino zokhazokha, khumi kapena makumi awiri, pa mtengo wokwererapo. Phindu pa chovala limachepa koma mulibe zotsalira. Amene amatenga zatsopano ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, ambiri amachitanso chimodzimodzi: amaonetsa zithunzi, makasitomala n'kulipiriratu theka asananyamuke.

Tsono inu achemwali, ngati mpamba wanu sukukwana belo, yambani ndi kupikula ndi foni. Ngati ukukwana belo n'kutsalako ya mwezi umodzi, pezani benchi, ngakhale yogawana ndi mnzanu, ndipo musanalipire aliyense kafunseni kwa akuluakulu a msika ngati malowo alidi a amene akukubwereketsaniyo. Kakhaleni pamalopo masiku awiri, lina la pakati pa sabata, muwerenge anthu odutsa. Tsiku lotsegula belo jambulani namba wani muike pa WhatsApp, zinazo zitsale pa benchi. Za shopu mudzaganize mabuku anu akadzaonetsa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana kuti phindu la sabata imodzi likukwana lendi ya mwezi, ndipo mukadzatsegula benchi musadzaisiye, chifukwa zotsalira za mu shopu zidzafuna kotulukira.