Tchulani dzina la fayilo, ndipo nenani yoyamba kutsegula

"Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata ino ndikutumiza imelo kwa apampando a komiti yathu, ndipo muli lipoti, bajeti, zithunzi za malisiti komanso linki ya kanema. Ndilembe bwanji kuti asasokonezeke? Nanga ndi bwino kutumiza m'mawa kapena madzulo?"

Mayi, za nthawi yotumizira ndiwasiyira ena. Ine ndiyankha za mafayilo ndi linki, chifukwa pamenepo ndinapsapo. Chinthu choyamba chimene ndikukuchenjezani ndi chakuti musalembe mawu akuti "onani zimene ndaphatikiza" n'kusiyira pomwepo. Mawu amenewa amangomuuza munthu kuti m'munsi muli katundu, koma samuuza kuti ayambire pati, ndipo munthu wotanganidwa amatsegula fayilo imene chala chake chayamba kugunda.

Zaka zingapo zapitazo ndinatumiza imelo kwa mkulu wa bungwe lina limene linkatithandiza ndi ndalama. Ndinaikamo mafayilo asanu ndi limodzi, ndipo awiri mwa iwo anali a bajeti: yakale, imene ndinaikamo kuti athe kufananiza, ndi yatsopano, imene ndinkafuna kuti aivomereze. Mayina ake anali ofanana kwambiri, ndipo m'kalatamo sindinatchule kuti yakale ndi iti. Mkuluyo anawerengera pa foni, pamene mafayilo amakhala pansi penipeni ndipo mayina aatali amaoneka oduka, choncho anatsegula yakale n'kuyankha kuti sitinakonze chilichonse mwa zimene anatiuza. Pamene tinkazindikira chimene chinachitika, msonkhano wawo wovomereza ndalama unali utadutsa, ndipo tinadikira mwezi wathunthu. Cholakwa chinali changa, popeza ndinkadziwa fayilo yofunika koma sindinamuuze.

Ntchito imayambira pa mayina a mafayilo, musanatsegule n'komwe imelo. Dzina ngati `IMG_2045.jpg` kapena `Document1.pdf` silinena kanthu. Ikani nambala kumayambiriro kwa dzina, kenako mawu ofotokoza zili m'katimo, motere:

```
01_lipoti_la_chaka.pdf
02_bajeti_yatsopano.xlsx
03_malisiti.pdf
```

Nambalayo ndi yofunika chifukwa simungadalire kuti mafayilo akaonekera kwa apampando mu ndondomeko imene inu munawaikira, ndiponso akawasunga m'kompyuta mwawo amasakanikirana ndi ena. Dzina likaduka pa foni, mbali yotsala ndi yakumayambiriro, n'chifukwa chake nambala ndi mawu ofunika ziyenera kutsogola. Zithunzi za malisiti musazitumize chimodzichimodzi. Ngati zilipo khumi ndi ziwiri, ziphatikizeni zikhale PDF imodzi, chifukwa zikapita zokhazokha zimakwirira lipoti ndi bajeti, zimene ndiye mutu wa nkhani.

M'kalatamo, mukangopereka moni, nenani chimene mukufuna kuti munthuyo achite ndi fayilo imene ayambire, ndipo muitchule ndi dzina lomwelo limene akaliwone pansi. Mukalemba kuti "chikalata cha zachuma" pamene fayilo yalembedwa kuti bajeti, mwamupatsa ntchito yoganizira. Ndikanakhala inu ndikanalemba chonchi:

"Apampando, ndikupempha kuti muvomereze bajeti yatsopano pofika Lachinayi. Ndaphatikiza mafayilo atatu ndi linki imodzi. Chonde yambani ndi `01_lipoti_la_chaka.pdf`, makamaka tsamba 4, pamene tafotokoza chifukwa chimene ndalama za maulendo zakwerera. Kenako mutsegule `02_bajeti_yatsopano.xlsx`, imene ikufunika chivomerezo chanu. Fayilo yachitatu, `03_malisiti.pdf`, ndi umboni chabe, ndipo mungaiwone ngati pali ndalama imene mukuikayikira. Linki ili m'munsiyi ndi ya kanema wa mphindi zisanu ndi ziwiri wa msonkhano wathu, ndipo siyofunika pa chigamulo chanu."

Onani kuti ndatchula chiwerengero cha mafayilo. Anthu ambiri amachiona ngati chosafunika, koma n'chimene chimathandiza wolandira kudziwa ngati china chatsala. Akawerenga kuti atatu n'kupeza awiri, akufunsani tsiku lomwelo. Onaninso kuti ndanena poyera zimene sizofunika kuwerenga. Ena amaopa kuti kutero n'kupanda ulemu kwa akuluakulu, koma ine ndimaona kuti ulemu weniweni ndi kusamala nthawi yawo. Munthu akauzidwa kuti mafayilo onse ndi ofunika mofanana, kawirikawiri amaimitsa ntchito yonse mpaka adzapeze mpata wautali, ndipo mpatawo suchedwa kusowa.

Za linki ndili ndi machenjezo awiri. Loyamba, musalembe kuti "dinani apa" osanena kumene linkiyo ikupita. Amenewo ndi malembedwe a anthu akuba pa intaneti, ndipo munthu wosamala sadina. Nenani kuti ndi ya chiyani, ili kuti, ndipo ngati ndi kanema, ndi wautali bwanji; ngati ndi linki yotha ntchito pakapita masiku, lembani tsiku lake. Lachiwiri ndi la chilolezo. Fayilo imene mwaiika pa Google Drive imayamba ili pa `Restricted`, kutanthauza kuti okhawo amene mwawapatsa chilolezo ndiwo angaitsegule. Wina aliyense amalandiridwa ndi tsamba lomuuza kuti apemphe chilolezo, ndipo inu simudziwa msanga za vutoli, chifukwa kwa inu mwini wake linkiyo imatseguka bwinobwino. Choncho onjezani adiresi ya imelo ya apampando pa fayiloyo, kapena, ngati mulibe zachinsinsi, sinthani ikhale pa `Anyone with the link`. Mukasankha `Anyone with the link`, iyeseni pa zenera la `Incognito`, pamene simunalowe mu akaunti yanu, kuti muone zimene mlendo akaone. Malisiti ndi zikalata zokhala ndi manambala a kubanki musazitsegulire aliyense, chifukwa linki imatha kutumizidwa kwa anthu ena inu osadziwa.

Kanemayo mwachita bwino kumuika pa linki. Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo fayilo ikaposa pamenepo imaisandutsa linki ya Google Drive. Zikatero, kalata yanu imanena kuti "ndaphatikiza" pamene wolandira akuona linki, ndiye muziwerenganso mawu anu musanatumize. Mabungwe ena amaika malire ocheperapo pa maimelo olowa, choncho ngakhale ya 20 MB itha kubwezedwa.

Ena angakulangizeni kuti muike zonse m'fayilo imodzi ya ZIP, koma ine sindikugwirizana nawo. Zimaoneka zaudongo kwa wotumiza, koma wolandira saona mayina a zili m'katimo mpaka atamasula, pa foni zimavuta, ndipo makompyuta a maofesi ena amaikayikira n'kuitsekereza. Mafayilo atatu safunika kumangidwa mtolo.

Chinanso chimene mudzakumane nacho ndi ichi: apampando akayankha kuti mukonze bajeti, inu n'kudina `Reply`, mafayilo akale sapita nawo, pamene `Forward` imawatenga. Muikemo fayilo yokonzedwayo ndi dzina latsopano lokhala ndi deti, ndipo mulembe momveka kuti iyi ikulowa m'malo mwa imene munatumiza Lolemba, ndiponso mutchule mzere umene mwasintha, kuti asavutike kufananiza manambala onse kuyambira pamwamba.