Ufa pa thabwa: mmene f(2) inakupatsirani yankho lolondola mwangozi

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa chaka choyamba ku koleji. Tapatsidwa funso lakuti X ndi maola amene nyali ya sola imayaka isanazime, ndipo f(x) = kx²(3 − x) pamene 0 ≤ x ≤ 3, kwina konse ndi 0. Ndapeza k = 4/27 potsatira chitsanzo cha m'kalasi, koma sindikudziwa chifukwa chake timalemba kuti = 1. Pofuna P(X < 2) ndinangoika 2 mu f(x) n'kupeza 16/27, ndipo n'zimene zili ku mayankho. Nditachita zomwezo pa P(X < 1) ndapeza 8/27, koma iwo akuti 1/9. Avereji ndikupeza 1, iwo akuti 1.8. Kodi mayankhowa ngolakwika?"

Achemwali, mayankho awowo ali bwino. Chakusokonezani ndi 16/27 uja, chifukwa wakutsimikizirani njira imene si yoona. Ndiyambe ndi chithunzi chimene ndimakonda kuika m'mutu mwa ophunzira anga tisanalembe nambala iliyonse.

Tengani thabwa lalitali mamita atatu, mulembe 0 kumapeto kuno, 3 kumapeto uko. Kenaka tengani ufa wokwana kilogalamu imodzi ndendende muuyanike pathabwapo, monga amayanikira amayi pa mphasa akachokera kuchigayo, koma musausalaze. Chakumayambiriro uwazeni pang'ono chabe, muziwonjezera mpaka ukhuthale kwambiri pa mamita awiri, ndiyeno uchepe msanga n'kuthera pa 3. Ufa wonsewo ndiye pulobabilite yonse, mwayi wonse wa zimene zingachitike. Kukhuthala kwa ufa pamalo amene mwaloza ndi chala ndiye f(x), imene amaitcha densite. Munthu akakufunsani kuti pakati pa 0 ndi 1 pali ufa wochuluka bwanji, simuyeza kukhuthala kwake pa 1 n'kumuuza kuti ndi umenewo. Mumasesa ufa wonse wa chigawo chimenecho n'kuuika pasikelo. Kusesako ndiye intigireshoni: kudula thabwa m'timagawo ting'onoting'ono ta utali dx, kuchulukitsa kagawo kalikonse ndi kukhuthala kwake f(x), n'kuphatikiza zonse. Ngakhale chizindikiro cha ∫ chimanena zomwezo. Ndi S wotalikitsidwa, amene Leibniz anayamba kulemba mu 1675 kuimira mawu a Chilatini otanthauza kuphatikiza.

Apa funso lanu la = 1 layankhika kale. Nyaliyo izima ndithu nthawi ina pakati pa 0 ndi maola atatu, palibe kwina kumene ingapite, ndipo chinthu chotsimikizika pulobabilite yake ndi 1. Mbali ya x²(3 − x) imangotiuza maonekedwe a mulu, komwe wakwera ndi komwe watsika. Siisamala kuti ufa wonse ukulemera bwanji. Tiyeni tiuyeze:

∫ x²(3 − x) dx = ∫ (3x² − x³) dx = x³ − x⁴/4

Kuchokera pa 0 kufika pa 3 tikupeza 27 − 81/4 = 27/4, kapena kuti 6.75. Ndiye kuti popanda k pathabwa pali makilogalamu 6.75, pamene ife tikufuna imodzi. Ntchito ya k ndi kuphwetsa mulu wonse mofanana, osasintha maonekedwe ake, mpaka utsale wolemera 1. N'chifukwa chake k × 27/4 = 1, ndipo k = 4/27. Nthawi zonse k amakhala 1 kugawa ndi zimene intigireshoni yopanda k yakupatsani.

Tsopano sungani bwino chinthu ichi, chifukwa tichigwiritsa ntchito mpaka kumapeto. Ufa umene mwasesa kuchokera pa 0 kufika pa malo alionse x ndi

F(x) = (4/27)(x³ − x⁴/4)

F wamkuluyu ndiye amapereka pulobabilite, osati f wamng'ono. Ikani 1: (4/27)(1 − 1/4) = (4/27)(3/4) = 3/27 = 1/9. Ndi yankho lija munalikayikira. Ikani 2: (4/27)(8 − 4) = 16/27. Ufa wa pakati pa 1 ndi 2 ndi 16/27 − 3/27 = 13/27, ndipo wotsala kupitirira 2 ndi 1 − 16/27 = 11/27. Phatikizani 3, 13 ndi 11 mupeza 27. Kilogalamu yathu yakwana, palibe watayika.

Nanga zinatheka bwanji kuti f(2) ifanane ndi F(2)? Ndinakhala nazo pansi nditawerenga kalata yanu, chifukwa zoterezi sizichitikachitika. Mukalemba x²(3 − x) = x³ − x⁴/4 n'kugawa mbali zonse ndi x², mufika pa x² − 8x + 12 = 0, imene imapereka x = 2 kapena x = 6. Sikisiyo ali kunja kwa thabwa. Choncho kupatula pa 0 pamene zonse ndi 0, pathabwa lonseli pali malo amodzi okha pamene kukhuthala ndi kulemera zikupereka nambala yofanana, ndipo funso linakufikitsani pomwepo. Kunena zoona, ndikadakhala wolemba funsoli ndikadasankha nambala ina, chifukwa wophunzira wakhama ngati inu amakhulupirira njira imene yamupatsa yankho loona. Kuti muone kuti njirayo siiyenda, iyeseni pa 3. Mupeza f(3) = 0, kutanthauza kuti n'zosatheka nyali kuzima maola atatu asanakwane. Koma tikudziwa kuti izima ndithu, ndipo F(3) = 1.

Mwina mufunsa kuti, ngati f(2) si pulobabilite, ndi chiyani? Ndi pulobabilite pa ola lililonse, monga liwiro la galimoto liri makilomita pa ola, osati mtunda umene yayenda. Imasanduka pulobabilite mukaichulukitsa ndi kanthawi kochepa. Mwayi woti nyali izime pakati pa maola 2 ndi 2.1, amene ndi mphindi zisanu ndi imodzi, uli pafupifupi 16/27 × 0.1 = 0.0593. Mukawerengera bwinobwino ndi F(2.1) − F(2) mupeza 0.0591. Zayandikana chifukwa pa kagawo kochepa chonchi kukhuthala sikusintha kwenikweni. Kagawoko mukamakachepetsa, ufa wake ukucheperanso, mpaka pa kadontho kopanda utali palibe ufa woti n'kuyeza. Ichi n'chifukwa chake P(X = 2) = 0, ndiponso P(X < 2) ndi P(X ≤ 2) n'chimodzimodzi pa mafunso a mtundu uwu.

Umboni wina ndi uwu. Tikayeza nthawi m'mphindi m'malo mwa maola, thabwa litalika ka 60, ufa womwewo upyapyala, ndipo pansonga pa mulu densite itsika kufika cha ku 0.0099. Tikayeza m'masiku, thabwa lifupika ka 24, ufa uunjikana, ndipo nsongayo ikwera kufika cha ku 14.2. Pulobabilite singapose 1, koma densite imaposa popanda vuto lililonse. Nyali ndi yomweyo, ndipo mwayi woti izime maola awiri asanakwane ukadali 16/27 m'miyezo yonse itatu.

Tibwere ku avereji. Munapeza 1 chifukwa munaintigireta f(x) yokha, ndiye kuti munayezanso ufa wonse kachiwiri. Yankho limenelo lidzakhala 1 pa funso lililonse, kaya ndi la nyali, kaya la mvula, kotero mukaliona dziwani kuti mwaiwala x. Avereji imafunsa funso lina: kodi thabwa la ufali mungaliike pati pa mwala kuti lisapendekere mbali iliyonse? Tiyerekeze kuti thabwalo palokha n'lopepuka, cholemera ndi ufa wokha. Ufa wochepa umene uli kutali ndi mwala umapendeketsa thabwa mofanana ndi ufa wambiri umene uli pafupi. Choncho kagawo kalikonse tiyenera kukawerengera kulemera kwake, f(x) dx, kuchulukitsa ndi malo amene kali, x. Si zachilendo ayi. Pofuna avereji ya malikisi a kalasi mumachulukitsa malikisi alionse ndi gawo la ana amene anawapeza, n'kuphatikiza.

E(X) = ∫ x f(x) dx = (4/27) ∫ (3x³ − x⁴) dx = (4/27)[3x⁴/4 − x⁵/5]

Pa 3, mbali yoyamba ndi 3 × 81/4 = 60.75, yachiwiri ndi 243/5 = 48.6. Kuchotsera kukupereka 12.15, ndipo 12.15 × 4/27 = 1.8. Ndi ola limodzi ndi mphindi 48. Onani kuti x analowa m'kati tisanaintigirete. Ambiri amaintigireta kaye n'kudzachulukitsa ndi x pambuyo, ndipo zimenezo sizipereka kanthu. Ena amaiwala k n'kulemba 12.15, koma nyali yosapitirira maola atatu singakhale ndi avereji ya maola 12. Avereji iyenera kugwera pathabwa.

Yang'ananinso ngati 1.8 akugwirizana ndi maonekedwe a mulu. Nsonga ili pa 2, koma kumanzere kuli mchira wautali wa ufa wopyapyala wofika mpaka ku 0, pamene kumanja mulu ukutha msanga. Mchirawo ndi umene wakokera mwala kumanzere kwa nsonga. Musaganizenso kuti avereji imagawa ufa pakati ndi pakati. F(1.8) ndi pafupifupi 0.475, kutanthauza kuti ufa wa kumanzere kwa mwala ndi wochepera theka, koma popeza wina uli kutali, ukukwanitsa kulimbana ndi wa kumanjawo.

Cholakwika china chimene ndimachiona chaka ndi chaka n'chokhudza malire. Mawu aja akuti "kwina konse ndi 0" si okongoletsera funso. Akakufunsani P(2 < X < 4), muime pa 3, yankho ndi 11/27. Mukapitiriza ndi fomula mpaka pa 4, mbali ya (3 − x) imatsika kunsi kwa ziro, n'kuyamba kuchotsa ufa umene kulibe. Mupeza (4/27)(64 − 64) = 0, kuchotsa 16/27, n'kutsala ndi −16/27. Pulobabilite ikatuluka ndi chizindikiro chochotsera, kapena ikaposa 1, pitani mukaone malire musanayang'ane china chilichonse.

Chaka chamawa mudzakumana ndi mathabwa opanda mapeto, ndipo kumeneko avereji siipezeka nthawi zonse. Tengani f(x) = 1/x² pamene x ≥ 1. Ufa wake wonse ukulemera 1 bwinobwino, koma x f(x) = 1/x, imene intigireshoni yake ndi ln x, ndipo imangokulirakulira osaima. Mchira wake ndi wautali moti kulikonse kumene mungaike mwala, thabwa ligwera kumanja.

Musanagone lero, yesani f(x) = kx(2 − x)² pamene 0 ≤ x ≤ 2. Jambulani kaye mulu wake, mulote pamene mwala ungakhale, kenaka muwerengere. Muyenera kupeza k = 3/4, P(X < 1) = 11/16, ndi avereji 0.8. Zikasiyana, nditumizireni mzere ndi mzere momwe mwalembera kuti tipeze limodzi pamene zakhotera.