Mapu a agumenti: muvi wa chotsutsa uzilasa bokosi limodzi

"Moni. Atipatsa asayimenti yoti tijambule mapu a agumenti ya Descartes yoti maganizo ndi thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ya mu Meditation 6, pakhale mapuremisi, zotsutsa ndi mayankho ake. Ndawerenga kanayi, ndalemba mizere pafupifupi peji yonse koma ndikayamba kujambula zikungotuluka ngati manotsi a m'mabokosi. Ndiyambire pati, ndipo zotsutsazo ndiziika pati?"

Achemwali, zikutuluka ngati manotsi chifukwa mukutsatira mmene ziganizo zandandalikira papeji, pomwe mapu amatsatira chimene chikunyamula chinzake. Nde tsekani kaye bukulo, la Meditations la René Descartes, wafilosofi wa ku France, tengani pepala lopanda mizere, muligoneke cham'mbali, ndipo pamwamba penipeni lembani chiganizo chimodzi chokha chimene munthuyu akufuna kuti muvomere. Imeneyo nde konkulushoni. Chikhale chiganizo choti wina atha kunena kuti "zoona" kapena "bodza". Mukalemba kuti "maganizo ndi thupi" basi, umenewo ndi mutu wankhani chabe, palibe angautsutse. Lembani kuti: K. Ine woganizane ndine chinthu chosiyana ndi thupi langa ndipo nditha kukhalapo popanda thupilo.

Kenako tsegulani buku, ndipo musadabwe kuona kuti agumenti yonseyi ili mu paragirafu imodzi, zina zambiri zozungulira ndi nkhani za mphamvu yoyerekeza zinthu m'mutu, za maso ndi makutu, za ngati zinthu zakunja ziliko. Mwalemba mizere peji yonse chifukwa chilichonse chikumveka cholemera, koma funso loti muzifunsa chiganizo chilichonse ndi limodzi: ndikachichotsa ichi, K agwa? Ngati sagwa, sichilowa m'bokosi. Mukasefa chonchi mutsala ndi mapuremisi atatu, kapena kuti ziganizo zonyamula K, olembedwa m'mawu anuanu osati okopera:

P1. Ngati nditha kumvetsa chinthu china bwinobwino, mosasakaniza, popanda chinzake, nde kuti ziwirizo zitha kulekanitsidwa, ngakhale wolekanitsayo atakhala Mulungu yekha.
P2. Ndimadzimvetsa bwinobwino ngati chinthu choganiza chosatenga malo, ndipo thupi ndimalimvetsa bwinobwino ngati chinthu chotenga malo chosaganiza.
P3. Zinthu zimene zitha kulekanitsidwa ndi ziwiri, si chimodzi.

Apa pali kachinthu kamene ambiri amaphonya pojambula. Musakoke mivi itatu, uliwonse pawokha, kupita kwa K. Mapuremisi atatuwa akugwirana manja, P2 payekha sakukufikitsani kulikonse, amafunika P1 kuti achoke pa "ndimamvetsa" kufika pa "zitha kulekanitsidwa", ndipo amafunika P3 kuti afike pa "ndi ziwiri". Nde amangeni ndi mzere umodzi pansi pa K, muvi ukhale umodzi. Tanthauzo lake nloti limodzi likathyoka onse agwa. Njira yoyesera ndi yosavuta: mawu aliwonse akuluakulu amene ali mwa K akuyenera kupezeka mu puremisi ina, ndipo mawu akuluakulu a mu puremisi akuyenera kupezekanso mu puremisi inzake kapena mwa K. Mukaona mawu angotulukira mwa K osachokera kulikonse, pali puremisi yobisika imene wolemba sanaitchule, ndipo ntchito yanu nkuifukula.

Muona zimenezi bwino mukafika chakutsogolo mu Meditation yomweyo, pamene akubweretsa chifukwa china: thupi limagawika m'zidutswa, maganizo sagawika. Ichi ndi chifukwa choima pachokha, iye mwini akunena kuti chikanakwana chokha, nde chimenechi chipatseni muvi wakewake. Koma taonani, kuchoka pa "ichi chimagawika, icho sichigawika" kufika pa "ndi zosiyana" pakusowa mlatho, woti ngati zinthu zili chimodzi ndiye chilichonse choona pa ichi chikhalanso choona pa icho. Mlathowo ulembeni m'bokosi la mizere yodukaduka kuti lekichala adziwe kuti mwauwonjezera ndinu. Ndipo muvi uwu ndimaulozetsa pa theka loyamba lokha la K, loti ndi zosiyana, chifukwa kusiyana pakokha sikunanene kanthu za kukhalapo popanda thupi. Ngati zikukusokonezani, mugaweni K pawiri.

Tsopano zotsutsa, pamene pagona nkhani. Mwayi wanu ngwakuti bukuli litatuluka ku Paris mu 1641 linatuluka pamodzi ndi magulu 6 a zotsutsa zochokera kwa anthu amene anaona zolembazo lisanasindikizidwe, pamodzi ndi mayankho a Descartes, ndipo gulu la nambala 7 linawonjezeredwa mu 1642. Simukufunika kupeka. Pitani ku gulu la nambala 4, la Antoine Arnauld.

Arnauld akuti tiyerekeze munthu amene akudziwa motsimikiza kuti thirayango inayake ili ndi ngodya ya madigiri 90, koma sanaphunzire za Pythagoras, zoti sikweya ya mbali yaitali ikufanana ndi masikweya a mbali ziwiri zinazo ataphatikizidwa. Tinene kuti mbali zake ndi 3, 4 ndi 5, kuika manambalawa ndaika ine: munthuyu sakudziwa kuti 9 kuphatikiza 16 akuyenera kukhala 25. Atha kunena kuti, ndikuimvetsa bwinobwino thirayangoyi popanda za masikweyazo, nde Mulungu atha kupanga thirayango ya madigiri 90 imene masikweya ake sakufanana. Zimenezo nzosatheka. Wangotenga kusadziwa kwake nkukuyesa mmene chinthucho chilili. Nanga Descartes akudziwa bwanji kuti sakuchita zomwezo, kuti mwina thupi lili m'kati mwa chimene iye ali koma sakuliona chabe?

Chimene ophunzira ambiri amachita nkulemba bokosi lofiira loti "Arnauld akutsutsa" nkukoka muvi kupita kwa K. Kumeneko nkulakwa, ndipo mmene mungadziwire nkuti muwerenge chotsutsacho nkudzifunsa: kodi chikunena kuti K ndi wabodza? Ayi. Arnauld anali wansembe komanso katswiri wa zaumulungu, sankalimbana ndi zoti mzimu ndi wosiyana ndi thupi, ankati umboni wake sunakwane. Chotsutsa chimatha kulasa malo atatu okha: puremisi inayake, kapena muvi weniweniwo (kunena kuti ngakhale mapuremisi onse atakhala oona K sakutsatira), kapena K mwiniwake. Musanajambule sankhani, ndipo mulembe chotsutsacho ngati chiganizo chathunthu: C1. Munthu atha kumvetsa chinthu bwino popanda khalidwe lina lake, pomwe khalidwelo silingachotsedwe.

Likalembedwa chonchi mukuona nokha kuti likulasa P1. Koma dikirani, chifukwa apa nde pamene mapu amakubwezerani thukuta lanu. Arnauld akunena kuti P1 angakhale woona pokhapokha ngati "kumvetsa bwinobwino" kukutanthauza kudziwa zonse za chinthucho, osatsala kanthu. Chabwino, tikonze P1 akhale choncho. Nde popeza mabokosi akugwirana manja, mawu omwewo akuyenera kusinthanso mu P2, akhale oti ndikudziwa zonse za ine mwini, ndipo zimenezo Descartes sanazisonyeze paliponse. Mukafewetsa mawuwo P1 akugwa, mukawalimbitsa P2 akutsala wopanda chomugwira. Pamapu ine ndimajambula muvi wofiira pa P1, kenako kabokosi kena pambali kolembedwa "ngati P1 akonzedwa" nkukokera muvi wachiwiri pa P2. Powerenga paragirafu zimenezi zimadutsa osaziona, chifukwa mawu ndi amodzimodzi m'ziganizo zonse ziwiri ndipo khutu limakhutira.

Mayankho nawo musangowaunjika pansi. Yankho lililonse limachita chimodzi mwa ziwiri, kaya likugwetsa chotsutsacho, kaya likuvomera pang'ono nkukonza puremisi. Descartes akuchita zonse ziwiri, nde mabokosi akhale awiri. Loyamba, Y1, likulasa chitsanzo cha thirayango: za masikweya si chinthu choti nkuima pachokha ngati mmene akunenera za maganizo ndi thupi, ndi khalidwe chabe la thirayango, komanso munthu uja atha kusaganizira za masikweya koma sangazikane nkumanenabe kuti akuimvetsa thirayangoyo bwinobwino. Kusaganizira ndi kukana nzosiyana, ndipo Descartes akuti iye akutha kukana chilichonse cha thupi pa maganizo, maganizowo nkumamvekabe. Muvi wa Y1 ukupita pa C1, osati pa P1, osati pa K.

Lachiwiri, Y2, likukhudza mawu aja. Akuti kudziwa zonse sikukufunika, ndipo palibe munthu angadziwe kuti akudziwa zonse za chinthu pokhapokha Mulungu atamuululira, chofunika nkumvetsa chinthucho ngati chathunthu, choti chitha kukhalapo pachokha. Ili si yankho longobweza mpira, lafotokoza puremisi mwatsopano. Nde musafufute P1 wakale, lembani P1b pambali pake wokhala ndi mawu oti "ngati chinthu chathunthu", ndipo nthawi yomweyo bwererani kwa P2 mukamupatse mawu omwewo, akhale P2b. Kenako yang'anani pansi pa P2b ngati pali bokosi lomunyamula. Kwa ine pamenepa mpopepuka ndithu: kunena kuti ndikumvetsa maganizo ngati chinthu choti chitha kuima pachokha kwayandikana kwambiri ndi K amene timafuna kumutsimikiza poyamba paja. Ena amawerenga mosiyana ndipo ali ndi zifukwa zawo, koma mu asayimenti yanu pamenepo nde poika ndemanga yanu, chifukwa mukutha kuloza ndi chala bokosi lenileni.

Chenjezo lina, Arnauld yemweyo ali ndi chotsutsa china chotchuka, chija choti Descartes akuzungulira, akudalira Mulungu kuti atsimikize kumvetsa bwinobwino pomwe anadalira kumvetsa bwinobwino kuti atsimikize Mulungu. Musachiphatikize ndi C1 chifukwa choti wanena ndi munthu mmodzi. Mabokosi sitigawa potengera amene walankhula. Chimenechi chikulasa maziko amene ali pansi pa P1, ochokera ku Meditation 3 mpaka 5, nde ikani kabokosi kamodzi pansi pa P1 koti "Mulungu aliko ndipo sanyenga", mulembe kuti umboni wake uli kwina, muvi wofiira ulase pamenepo, basi musapitirire, apo ayi pepala silikwana.

Ngati mukufuna chitsanzo cha chotsutsa chimene chikupita kwa K mwiniwake, chilipo m'makalata amene Elisabeth, mwana wamkazi wa mfumu ya ku Bohemia, analembera Descartes mu 1643. Iye anafunsa kuti chinthu chosatenga malo chingasunthe bwanji thupi, poti kusuntha chinthu kumafuna kuchikhudza kapena kuchikankha. Sakuloza P1 kapena P2, akuti mukavomera K mutsala ndi chinthu chosamveka, pomwe tonse tikudziwa kuti ndikafuna kukweza dzanja limakwera. Muvi wake ukwere mpaka pamwamba, ndipo pansi pake muike mapuremisi akeake awiri ogwirana manja, loti maganizo amasunthadi thupi ndi loti kusuntha kumafuna kukhudza.

Mukawerenga mabokosi onse mupeza ali cha m'ma 15. Akapitirira 25 pa paragirafu imodziyi, mwayambanso kulemba manotsi, bwererani ku funso lija loti ndikachotsa ichi chigwa nchiyani. Ndipo pakona ya bokosi lililonse lembani nambala ya peji pamene mwachitenga, kupatula aja a mizere yodukaduka, amene mulembepo kuti ndi anu.